Dzanja ndi pakamwa: kulemba vidiyo yophunzitsa kaundula wa ndalama za kumunda

Mlangizi, mlembi wa kopaletivu kapena wachinyamata wodziwa kompyuta akafuna kuphunzitsa alimi ambiri kalembedwe ka ndalama, masiku ano sadikira kuti onse asonkhane. Amatsegula Excel kapena Google Sheets, n'kujambula zimene zikuchitika pa sikirini uku akulankhula, kenaka n'kuponya vidiyoyo pa gulu la WhatsApp. Njirayi ndi yotchipa ndipo imafika kutali. Koma mavidiyo ambiri otere amalephera pa chinthu chimodzi: wophunzitsa amayamba kujambula asanalembe chilichonse, podalira kuti ntchitoyo amaidziwa. N'zoona amaidziwa, ndipo vuto lagona pomwepo. Dzanja lozolowera limathamanga kuposa pakamwa. Munthu akamanena kuti “tsopano tiwonkhetse”, amakhala atadina kale malo atatu, ndipo woonera sanaone ngakhale amodzi.

Sikiriputi ndi pepala limene limagwira dzanjalo kuti liziyendera limodzi ndi mawu. Kuilemba kumatenga nthawi yaitali kuposa kujambula kwenikweniko, ndipo ziyenera kutero.

Tiganizire kaye munthu amene adzaonere. Kawirikawiri amakhala ndi foni yaing'ono m'manja, bandulo yowerengeka, ndipo mwina akuyesa kutsatira pa kompyuta ya ku ofesi ya kalabu kapena pa foni yachiwiri yobwereka. Maso ake amachoka pa vidiyo kupita pa kiyibodi, n'kubwereranso. Nthawi imene akufufuza chilembo pa kiyibodi, sakuona sikirini yanu, akungomva. Sangakweze dzanja kuti mubwereze monga achitira m'kalasi. Chilichonse chimene mudzalembe chiyenera kuchokera pa mfundo imeneyi.

Yambirani kumapeto

Musanalembe liwu limodzi, malizani kaye sipuredishitiyo, ndipo muwerengetse yankho lake pa pepala. Tiyeni titenge chitsanzo cha munda wa soya wa ekala imodzi. Mitengo ili m'munsiyi ndi yongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino. Inuyo mudzaike ya kwanu, ya chaka chimene mukujambula.

Pamwamba pali mitu isanu ndi umodzi, kuyambira danga A mpaka F: Tsiku, Chinthu, Kuchuluka, Mtengo wa chimodzi, Zotuluka, Zolowa. Pansi pake pali mizere isanu ya ndalama zotuluka. Mbewu makilogalamu 30 pa K3,000 ikukwana K90,000. Ganyu wounga mizere ndi K60,000. Kupalira kawiri pa K35,000 ndi K70,000. Matumba 12 opanda kanthu pa K1,000 ndi K12,000, ndipo ngolo yotutira zokolola ndi K18,000. Zonse pamodzi K250,000. Mzere wachisanu ndi chiwiri wa pa sikirini ndi wa malonda: matumba 10 pa K45,000, kutanthauza K450,000. Chotsala m'thumba ndi K200,000.

Mizere imeneyi ndi yochepa dala. Wophunzitsa amalakalaka kuonetsa kaundula wa chaka chonse, wa mizere makumi asanu, kuti anthu aone mphamvu ya kompyuta. Koma woonera ayenera kutha kuwonkhetsa manambalawo pamtima kapena pa kakyuleta ya pa foni, kuti kompyuta ikatulutsa 250000 anene yekha kuti inde, yalondola. Chikhulupiriro chimabwera pamenepo. Mlimi amene wasunga ndalama zake m'kope kwa zaka zambiri sangasiye kopelo chifukwa choti mwamuuza kuti makina salakwa. Amafuna kuwayesa ndi masamu amene iye akuwadziwa.

Manambala akhalenso osiyana. Ngati ganyu wounga mizere ndi wopalira onse muwaika K60,000, mukamanena kuti “onani pamene pali 60000”, woonera sadziwa mzere umene mukunena. Ndipo musagwiritse ntchito kaundula weniweni wa kalabu, wokhala ndi mayina a mamembala ndi ngongole zawo. Vidiyo ikachoka m'manja mwanu imayenda magulu ambiri, ndipo simungaibweze.

Mafomula ake ndi ochepa. Mu E2 mukhala kuchulukitsa, ndipo kumbali, mu danga I, mukhala kuwonkhetsa, mitu yake ili mu H:

```
E2:  =C2*D2
F7:  =C7*D7
I2:  =SUM(E2:E200)
I3:  =SUM(F2:F200)
I4:  =I3-I2
```

Pali chifukwa chimene ndaikira zowonkhetsazo kumbali osati pansi pa mzere womaliza monga timachitira m'kope. Mlimi adzapitiriza kulemba sabata yamawa. Zowonkhetsa zikakhala pansi, malo amamuthera, ndipo akalemba kunsi kwake, ndalamazo siziwerengedwa. Zikakhala kumbali, fomula n'kufika mpaka mzere wa 200, amangopitiriza kutsika popanda kukhudza chilichonse. Zinthu ngati izi zimaganiziridwa musanalembe sikiriputi, chifukwa kaundula wosokonekera sangakonzedwe ndi mawu okoma.

Pepala la mbali ziwiri

Tsopano gawani pepala pakati. Kumanzere lembani zimene dzanja likuchita ndi zimene zikuoneka pa sikirini. Kumanja lembani mawu enieni amene mudzalankhule, osati mitu chabe. Mzere uliwonse ukhale ndi ntchito imodzi ya dzanja. Mukaona kuti mwalemba “kenaka” kawiri mu mzere umodzi, dziwani kuti ndi mizere itatu imeneyo.

Mkati mwa mzere uliwonse muli ndondomeko imene siyenera kusintha: nenani malo, nenani chochita, chitani, kenaka nenani chimene chaoneka. Mawu azitsogola, dzanja lizitsatira. Nachi chigawo cha fomula yoyamba monga chingalembedwere.

Dzanja: kalozera ali phee pa E2, sindinadine.
Pakamwa: “Tikufuna tidziwe kuti mbewu yonse yatidyera zingati. Pitani pa danga E, lolembedwa Zotuluka, mzere wachiwiri.”

Dzanja: dinani E2. Dikirani masekondi awiri.
Pakamwa: “Dinani kamodzi. Kabokosiko kazunguliridwa ndi mzere wochindikala.”

Dzanja: lembani = basi.
Pakamwa: “Yambani ndi chizindikiro cha timizere tiwiri togona, chimene timaika pa yankho la samu. Chimauza kompyuta kuti zikubwerazi ndi zoti iwerengetse.”

Dzanja: lembani C2*D2 pang'onopang'ono. Musadine Enter.
Pakamwa: “Lembani C2, kanyenyezi, D2. Kanyenyeziko ndiye kuchulukitsa. Mu C2 muli makilogalamu 30, mu D2 muli mtengo wa kilogalamu imodzi. Imitsani vidiyo apa, mufananize zanu ndi zanga.”

Dzanja: chete masekondi atatu, kenaka Enter.
Pakamwa: “Dinani Enter. Patuluka 90000. Ngati kwa inu pakuonekabe C2*D2 osati nambala, mwaiwala timizere tiwiri tija koyambirira.”

Ntchito imene katswiri amaichita m'masekondi atatu yatenga mizere isanu, ndipo palibe umene ungachotsedwe. Onani mzere wachinayi, pamene dzanja lalamulidwa kuti lisadine Enter. Ukangodina Enter, fomula imabisala m'kabokosi ndipo pamatsala yankho lokha; imaonekanso pa kamzere ka pamwamba ukadinanso kabokosiko, koma pa foni kamzereko ndi kakang'ono kwambiri. Mphindi imene fomula ili poyera ndi yokhayo imene woonera angaikopere. Ndiye chete wa masekondi atatu uja ayenera kulembedwa pa pepala ngati mawu ena onse. Chete wosalembedwa sachitika, chifukwa munthu akakhala patsogolo pa maikolofoni amaopa kukhala duu, amadzaza mpata uliwonse ndi “eya” ndi “ndiye basi”.

Onaninso kuti palibe pamene palembedwa kuti “dinani apa” kapena “kokerani uku”. Mawu akuti apa, apo ndi uku amagwira ntchito pamene muli limodzi ndi munthu, chala chanu chikuloza. Kwa amene maso ake ali pa kiyibodi, “apa” sakutanthauza kanthu. Tchulani dzina la kabokosi ndi mutu wa danga lake, kuti ngakhale wongomva afike pamalo oyenera. Njira yabwino yoyesera sikiriputi ndi yomweyi: werengerani munthu mbali ya kumanja yokha, iye ali pa kompyuta, inu osaloza chilichonse. Pamene waima n'kukuyang'anani, pamenepo pakusowa mzere.

Mayina a mabatani muwanene monga alembedwera pa sikirini, chifukwa ndi amene munthuyo adzawafufuze ndi maso. Enter ndi Enter, File ndi File. Kufotokoza kwake ndiye kukhale m'Chichewa. Ndipo dzina limene mwasankha koyambirira, mulisunge mpaka kumapeto. Mukayamba ndi “kabokosi”, musasinthe pakati n'kumati “selo” kapena “chipinda”. Polemba nkhani timasinthasintha mawu kuti zikome, koma pophunzitsa, liwu latsopano limamveka ngati chinthu chatsopano, ndipo wophunzira amayamba kuchifufuza.

Lakwitsani dala

Gawo limene ndimaliona kuti ndi lofunika kuposa onse ndi limene ambiri amalidula pokonza vidiyo: kulakwitsa. Vidiyo imene zonse zimayenda bwino imathandiza munthu pokhapokha zake zikuyendanso bwino. Akangophonya pang'ono amakhala yekha, ndipo ambiri amasiyira pomwepo, poganiza kuti kompyuta si ya anthu ngati iwo. Choncho sikiriputi ikhale ndi cholakwa chimodzi kapena ziwiri zochita kukonzekera, zosankhidwa pa zimene anthu amalakwitsadi.

Pa kaundula wa ndalama, cholakwa chofala ndi chilembo K. Tonse tinazolowera kulemba K35,000, ndipo dzanja limalemba lokha. Pa makompyuta ambiri, nambala yoyamba ndi K imatengedwa ngati mawu wamba, osati ndalama. Zotsatira zake zili mitundu iwiri, ndipo ndi bwino kuonetsa yonse.

Mtundu woyamba ndi waphokoso. Mukalemba K35,000 mu D4, fomula ya mu E4 imalephera kuchulukitsa ndipo imaonetsa #VALUE!, kenaka zowonkhetsa za kumbali zija nazonso zimaonetsa zomwezo. Zimaopsa pongoziona, koma n'zosavuta, chifukwa munthu amadziwa kuti china chake chavuta.

Mtundu wachiwiri ndi wachinunu, ndipo ndi umene umapweteka. Tinene kuti mlimi sanavutike ndi fomula, wangolemba yekha K70,000 mu E4. SUM sidandaula. Imangodumpha kabokosi kali ndi mawuko n'kuwonkhetsa totsalato. Zotuluka zimakhala 180000 m'malo mwa 250000, ndipo phindu limaoneka ngati 270000 pamene lenileni ndi 200000. Palibe chenjezo lililonse. Munthu akhoza kupita nazo ku msonkhano wa kalabu, kapena kutengera ngongole ya chaka chamawa pa phindu limene kulibe. Chizindikiro chake chilipo koma n'chaching'ono: manambala amatsamira kumanja kwa kabokosi, mawu amatsamira kumanzere. Mu sikiriputi, lembani kuti dzanja lilembe K70,000, liime, ndipo pakamwa pafunse: “Taonani mzere wachinayi. Anzake onse ali kumanja, uyu yekha ali kumanzere. Ndiye kuti kompyuta sikumuwerenga ngati ndalama.” Kenaka fufutani, lembani 70000, woonera aone yekha nambala ya kumbali ikudumpha kubwerera pa 250000. Masekondi makumi anayi amenewa amaphunzitsa zambiri kuposa mphindi zisanu za malangizo.

Muchenjeze woonera musanalakwitse. Chiganizo chimodzi chikwanira: “Apa musatsatire, ingoonerani.” Popanda chimenechi, wotsatira mokhulupirika amakopera cholakwacho, n'kuimitsa vidiyo asanafike pokonza.

Masiku nawonso ali ndi msampha wake. Makompyuta ambiri amabwera atatcheredwa mwa Chimereka, kumene mwezi umayamba, tsiku n'kutsatira. Mukalemba 05/12/2024 kutanthauza pa 5 Disembala, nthawi yodzala, kompyuta yotero imamva kuti ndi pa 12 Meyi, nthawi yokolola. Simungadziwe mmene kompyuta ya woonera aliyense inatcheredwera, ndiye njira yachidule ndi kuphunzitsa kalembedwe koyamba ndi chaka, 2024-12-05, kamene sikasokonezeka. Fotokozani chifukwa chake m'chiganizo chimodzi, n'kupitirira. Musalowe m'zosintha makonzedwe a kompyuta. Imeneyo ndi vidiyo ina.

Zimene kaundula sakunena

Pali malo amodzi pamene sikiriputi iyenera kuchotsa dzanja pa mausi n'kulankhula za ulimi weniweni. M'chitsanzo chathu munagulidwa matumba 12, koma ogulitsidwa ndi 10. Mlimi aliyense woonera adzafunsa za awiri otsalawo, amene asungidwa kuti akhale mbewu kapena a phala la ana. Adzafunsanso za masiku amene iye ndi banja lake anagwira m'mundamo osalipidwa. Kaundula uyu sakuwerenga zimenezo. Akungoonetsa ndalama zimene zatuluka ndi zimene zalowa m'thumba. Pa mtengo womwewo wa K45,000, matumba awiriwo ndi K90,000 imene sikuoneka paliponse.

Si bwino kubisa zimenezi, komanso si bwino kuyesa kuzithetsa mu vidiyo yoyamba. Lembani ziganizo ziwiri kapena zitatu pamene 200000 yatuluka: kuti iyi ndi ndalama yotsala m'manja, kuti matumba osungidwa ndi thukuta la pakhomo sizinalowemo, ndipo kuti vidiyo yotsatira idzawonjezera zimenezo. N'chifukwa chake mutu wa mu H4 ndi bwino ulembedwe kuti Ndalama yotsala, osati Phindu. Wophunzitsa amene amatchula malire a chida chake amakhulupirika kwambiri kwa alimi, chifukwa iwo amaona mipata imeneyi msanga kuposa munthu wa mu ofesi.

Poyambira ndi potsekera

Masekondi oyamba asathere pa malonje ataliatali. Moni wachidule, kenaka onetsani kaundula womalizidwa, kalozera ali pa 200000, ndi mawu onena kuti pomaliza vidiyoyi woonera adzakhala atapanga wake wotere. Nenaninso pulogalamu imene mukugwiritsa ntchito ndiponso ngati muli pa kompyuta kapena pa foni. Mafomula athu asanu aja amagwira chimodzimodzi mu Excel, Google Sheets ndi LibreOffice Calc, koma mabatani sakhala pamalo amodzi, ndipo kukokera fomula kuchokera E2 mpaka E6, kumene pa kompyuta timachita pogwira kakona kakang'ono ka kumunsi kumanja kwa kabokosi, pa foni kumachitika mwanjira ina. Ngati ambiri mwa anthu anu adzalembera pa foni, jambulani pa foni. Mukatha kunena zimenezi, tsegulani tsamba lopanda kanthu n'kuyamba.

Vidiyo imodzi ikhale ndi ntchito imodzi. Chitsanzo chathu chimagawika bwino patatu: kukonza mitu ndi kulemba mizere, kuchulukitsa, ndiye kuwonkhetsa pamodzi ndi zolakwa zija. Tizigawo ta mphindi zinayi kapena zisanu timatsika msanga pa netiweki yofooka, ndipo amene waiwala kuwonkhetsa kokha sawononga bandulo kutsitsanso zonse. Kuti mudziwe kutalika kwake, musawerenge mawu a pa pepala. Werengani mokweza muli ndi wotchi, dzanja likuchita ntchito yake, chifukwa nthawi yambiri imathera pa kulemba ndi pa chete uja. Powerenga mokwezamo mudzamvanso ziganizo zimene zikukuthetsani mpweya. Ziduleni. Chiganizo chimene simungauze mnzanu mutakhala naye pa benchi sichiyenera kukhala mu sikiriputi.

Manambala aakulu muganizire kale mmene mudzawanenere, ndipo mulembe momwemo. Ambiri pa msika amatchula ndalama m'Chingerezi, ndipo palibe cholakwika kutero ngati ndi mmene anthu anu amalankhulira. Chofunika ndi kunenanso manambala amene akudinidwa, limodzilimodzi, makamaka maziro, chifukwa kusiyana kwa 9000 ndi 90000 pa sikirini ya foni ndi kadontho chabe.

Pamwamba pa sikiriputi lembani timizere tokumbutsa zoyenera kuchita musanayambe kujambula. Kulitsani tsamba kufika pa 150 kapena 200 peresenti kuti zilembo ziwerengeke pa foni, popeza WhatsApp imafinya vidiyo ndipo tizilembo tating'ono timasanduka utsi. Kulitsani madanga kuti manambala akwane, chifukwa danga likachepa Excel imaonetsa ##### m'malo mwa nambala. Zimitsani mauthenga otulukira pa sikirini, tsekani mafayilo ena onse, ndipo sungani tsamba lopanda kanthu loyambira kuti mukalakwitsa mubwerere pomwepo. Pulogalamu yojambulira si nkhani yovuta: OBS Studio ndi yaulere, PowerPoint ili ndi pojambulira sikirini pansi pa Insert, ndipo mafoni ambiri a masiku ano amajambula okha sikirini yawo. Jambulani kachigawo ka theka la mphindi, katumizeni pa foni yaing'ono kwambiri imene mungaipeze, muone ngati C2*D2 ikuwerengeka musanapitirize.

Mizere yomaliza ya sikiriputi ikhale ya kusunga fayilo ndi ya ntchito yoti woonera achite yekha. Kusunga kuonetsedwe pang'onopang'ono ngati fomula: Ctrl ndi S pamodzi, dzina la fayilo lokhala ndi mbewu ndi chaka, monga Soya 2024-25, ndi malo amene yasungidwa. Google Sheets imasunga yokha pakakhala netiweki, koma dzina muyenera kuipatsabe. Kenaka perekani ntchito imene ili ndi yankho lodziwika: awonjezere mu mzere wa 8 mankhwala ophera tizilombo, botolo limodzi la K15,000, ndipo aone ngati zotuluka zafika 265000 ndi ndalama yotsala yatsika kufika 185000. Zikafanana, atenge kope lake ayambe kulowetsa za munda wake. Zikasiyana, ayang'ane kaye ngati nambala yake yatsamira kumanzere.